Mizere ikamadutsana, mtengo umakhala utapita kale

M'zipinda zomwe ophunzira timachita lendi ku Naperi, matchati a mitengo ya masheya ndi ndalama zakunja afala ngati mpira wa ku Ulaya. Pa foni pali makandulo obiriwira ndi ofiira, ndipo pamwamba pake pakuyenda mizere iwiri. Anzathu ena amalipira ndithu kuti alowe m'magulu a pa WhatsApp momwe wina amalengeza kuti mizere yadutsana, gulani tsopano, kapena gulitsani msanga. Mzere waufupi ukadutsa wautali chokwera, pa sikirini amalemba kuti Golden Cross, mtanda wa golide, ndipo amati ndi nthawi yogula. Ukadutsa chotsika amalemba Death Cross, mtanda wa imfa, nthawi yogulitsa. Mayinawa ndi ochititsa nthumanzi, koma si nkhani ya kutchalitchi ayi, ndi mizere iwiri chabe yopingasana.

Ife tikuti mitanda imeneyi simalosera za mawa. Imafotokoza zomwe zinachitika miyezi yapitayo, ndipo pa msika womwe mtengo ukungokwera ndi kutsika popanda kulowera kwina kulikonse, imakuuzani kugula pamene zadula n'kugulitsa pamene zatchipa.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a mizereyo. Mzere waufupi, wolembedwa SMA 50, ndi avereji ya mitengo yotsekera ya masiku 50 omalizira amene msika unatsegula. Wautali, SMA 200, ndi avereji ya masiku 200. Msika umatsegula masiku asanu pa sabata, ndiye masiku 50 ndi masabata 10, ndipo 200 ndi masabata 40. Tonse tikudziwa mmene avereji ya malikisi imakhalira: ukalakwa masemesita atatu, kukhoza bwino semesita yachinayi sikuyikweza tsiku lomwelo. Mizereyi ndi chimodzimodzi. Pakati pa masiku 50 ndi tsiku la 25 kubwerera m'mbuyo, choncho mzere waufupi umaonetsa pamene mtengo unali masabata asanu apitawo. Wautali umaonetsa za masabata 20 apitawo. Mtanda ndi kukumana kwa nkhani ziwiri zakale.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala osavuta, ongopeka. Sheya inali pa K300, n'kumatsika ndi K1 tsiku lililonse kwa masiku 200 mpaka kufika pa K100. Kenako yatembenuka, ikukwera ndi K1 tsiku lililonse. Patatha masiku 50 chitembenukireni, mtengo uli pa K150. Amene anagula pansi wapindula kale theka la ndalama zake. Koma mzere waufupi uli cha pa K126, wautali cha pa K162, ndipo tchati ikunenabe kuti zinthu sizili bwino. Mizereyi imakumana pa tsiku la 78, cha pa K153, pamene mtengo weniweni uli pa K178. Mtanda wa golide wabwera patatha miyezi itatu ndi theka.

Funso ndi lakuti kukwerako kupitirira mpaka liti. Ngati sheyayo ikwera kwa zaka ziwiri, kuchedwa kwa masiku 78 si kanthu, mwaphonya chiyambi chokha. Koma ngati ikwera masiku 90 okha n'kubwerera, mwagula pa K178 chinthu chomwe chinalekezera pa K190. Potsika mtanda wa imfa nawonso uchedwa, ndipo ukamadzakuuzani kuti gulitsani, mtengo udzakhala uli pansi pa umene munagulira. Msika wogwedezeka ndi wotero: mafunde ake ndi aafupi kuposa kuchedwa kwa mizere.

Izi zinachitikadi pa S&P 500, muyeso wa makampani akuluakulu 500 a ku America, umene uli pa mafoni ambiri a anzathu ochita malondawa. Mu Ogasiti 2015 mitengo inagwa mwadzidzidzi, ndipo pa 25 Ogasiti muyesowu unatsekera pafupi ndi 1,870. Mtanda wa imfa unabwera patapita masiku angapo, kumapeto kwa mweziwo, muyeso utabwerera kale cha pa 1,990. Wotsatira chizindikiro anagulitsa pamenepo. Mu Disembala 2015 kunabwera mtanda wa golide cha pa 2,020, iye n'kugulanso modulirapo. Sipanathe mwezi, mu Januwale 2016, mtanda wina wa imfa unamugulitsitsa cha pa 1,920. Msika unafika pansi pa 11 Febuluwale, pafupi ndi 1,830, n'kuyamba kukwera, koma mtanda wa golide unadikira mpaka Epulo, cha pa 2,090. Pa miyezi isanu ndi itatu panali mitanda inayi. Amene anangokhala chete ndi masheya ake kuchokera pa 1,990 kufika pa 2,090 anapindula pafupifupi 5 peresenti. Amene anamvera mtanda uliwonse anataya pafupifupi 5 peresenti, komishoni tisanawerengere.

Mu 2020 zinali zoonekeratu. Msika womwewo unagwa ndi mliri wa Covid-19 mpaka pa 23 Malichi, ndipo mtanda wa imfa unatulukira patatha pafupifupi sabata, mitengo ikukwera kale. Wa golide unabwera mu Julayi, mbali yaikulu ya zomwe zinatayika itabwerera.

Okonda mitandayi ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Amatikumbutsa za Disembala 2007, pamene mtanda wa imfa unaoneka S&P 500 ili pamwamba pa 1,400. Msika unapitiriza kugwa mpaka Malichi 2009, kufika pansi pa 700. Amene anamvera anapulumutsa pafupifupi theka la chuma chake. Tikuvomereza. Kugwa kumeneko kunatenga chaka ndi miyezi, choncho kuchedwa kwa masabata angapo sikunawononge kanthu. Koma taonani chimene mukugula mukatsatira njirayi. Ili ngati inshuwalansi: mumalipira pang'onopang'ono pa chizindikiro chabodza chilichonse, kuti mudzapulumuke pa kugwa kwakukulu komwe kumabwera mwa apo ndi apo. Munthu wa ndalama zambiri ndi zaka zambiri akhoza kupirira malipiro amenewo. Wophunzira amene waikapo ndalama ya fizi ya semesita ikubwerayi, kapena wabwereka ku kampani ya pa foni kuti agule zoposa ndalama zake, zizindikiro zabodza ziwiri zokha zimamumaliza kugwa kwakukuluko kusanafike.

Nanga kwathu kuno? Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli mumsewu wa Victoria Avenue, ulendo waufupi wa minibasi kuchoka ku Naperi. Kampani yoyamba kulowa pamsikawu inali NICO mu 1996, ndipo lero kuli makampani osakwana 20, monga National Bank, Illovo, TNM ndi Airtel Malawi. Apa mitanda imakumana ndi mavuto ena omwe mabuku a ku America sanena. Masheya ena amatha masiku osagulidwa ndi aliyense, ndipo mtengo wa tsiku lomaliza umangolembedwanso. Avereji ya masiku 50 ikhoza kukhala ndi mitengo yeniyeni yochepa chabe yobwerezedwabwerezedwa. Munthu mmodzi akagula masheya ochepa pa mtengo wokwera, mzere umayamba kupindika ngati kuti msika wonse wasintha maganizo. Ndipo ngakhale mtanda wa imfa utanena zoona, kugulitsa kumafuna wogula. Tsiku limene aliyense akufuna kutuluka, oda yanu ikhoza kukhala pamzere osakwaniritsidwa, mtengo ukutsikabe. Pogula ndi pogulitsa ponse kampani yokugulirani masheya imadula komishoni, ndiye mtanda wabodza uliwonse mumaulipira kawiri.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Mitengo ya zinthu zambiri ikamakwera m'makwacha, mzere wa sheya ukhoza kuloza kumwamba pamene ndalama yanuyo ikugula matumba a simenti ochepa kuposa chaka chatha. Mtanda sudziwa zimenezo. Sudziwanso ngati kampani yapanga phindu kapena ili ndi ngongole, umangoona mitengo.

Ena amati njira yothetsera kuchedwa ndi kufupikitsa mizere, kapena kugwiritsa ntchito EMA, imene imalemekeza kwambiri mitengo yatsopano. Ena amatsegula tchati ya mphindi 15, momwe makandulo 200 ndi maola 50 okha. Kuchedwa kumachepadi, koma mizere imadutsana pafupipafupi, kagwedezeko kalikonse n'kukhala chizindikiro. Mwangosinthanitsa vuto ndi linzake, ndipo amene wapindula ndi wodula komishoni. Palibe manambala awiri omwe amachotsa zonse ziwiri, chifukwa avereji imasalaza phokoso la msika pochedwa basi.

Chimene tingachite ndi kuphunzira kuzindikira msika wogwedezeka tisanakhulupirire mtanda. Choyamba kuyang'ana si mtandawo koma kupendekeka kwa mzere wautali. Mzere wa masiku 200 umakwera pokhapokha mtengo wa lero ukaposa mtengo wa tsiku lakale lomwe likutuluka mu avereji. Mu chitsanzo chathu chija, pa tsiku la 78 mtengo wolowa unali K178 pamene wotuluka unali K222, ndiye mzere wautali unali ukutsikabe ngakhale mtanda wa golide unaoneka. Izi zikutanthauzanso kuti mizere ikhoza kudutsana tsiku lomwe pamsika sipanachitike kanthu, kungoti mtengo wa miyezi isanu ndi inayi yapitayo watuluka m'chiwerengero. Mzere wautali ukagona chopingasa, waufupi n'kumauzungulira ngati chingwe, ndipo ikakhala kuti yadutsana kangapo m'chaka chomwecho, mtanda wotsatira ndi wokayikitsa kwambiri. Muonenso kuti mtengo uli patali bwanji ndi mzere waufupi. Pamene mzere unali pa K153 mtengo unali pa K178. Mtunda umenewo ndi ulendo womwe wachitika inu musanakwere.

Zonsezi mukhoza kuziyesa nokha mu labu ya makompyuta osataya tambala. Sankhani sheya imodzi ya pa msika wa ku Blantyre, lembani mitengo yake yotsekera ya zaka zitatu mu Excel kuyambira pa B2 kutsika, yakale pamwamba. Pa mzere wa 201 ikani izi m'timabokosi tiwiri, n'kuzikokera pansi:

```
=AVERAGE(B152:B201)
=AVERAGE(B2:B201)
```

Paliponse pamene nambala yoyamba yadutsa yachiwiri, lembani mtengo wa tsiku lotsatira, chifukwa mtanda umadziwika msika utatseka ndipo simungagule pa mtengo wa dzulo. Chotsani komishoni pa kugula ndi kugulitsa kulikonse, kenako yerekezani zotsalazo ndi za munthu amene anagula tsiku loyamba n'kusunga, mutamuwonjezera magawo a phindu omwe kampani inapereka m'zakazo. Ndipo amene akukugulitsani zizindikiro pa WhatsApp mum'pemphe mndandanda wa mitanda yonse imene analengeza chaka chatha, ndi masiku ake ndi mitengo yake, osati zithunzi ziwiri zokha za pamene zinayenda bwino.