Chakukhosi m'banja: kuchitchula chisanazike mizu

Chakukhosi cha m'banja kawirikawiri chimayamba ndi kanthu kobwerezabwereza kamene wina wasankha kusakatchula, mwina poopa kuoneka wolongolola, mwina pokumbukira mawu a pa chilangizo akuti banja ndi kupirira. Vuto ndi loti nkhani yosatchulidwa imasintha nkhope. Poyamba munthu amadandaula ndi chimene mnzake wachita, koma pakapita miyezi amayamba kuweruza mnzakeyo kuti ndi mmene alili.

Chitsanzo ndi banja limene onse awiri amagwira ntchito ndipo amasonkherana ndalama ya lendi ndi fizi. Mwamuna watumiza K50,000 kumudzi kwawo osanena, ndipo mkazi wadziwira pa uthenga wa pa foni. Ulendo woyamba mayiyo amangoti, "Ndi abale ake, ndingatani." Ulendo wachitatu maganizo aja afika poti, "Munthu uyu sandiwerengera." Akafunsidwa chavuta n'chiyani, yankho limakhala lakuti "palibe", koma nsima imaikidwa patebulo popanda mawu, ndipo nkhani za kuntchito zimene kale ankafotokozera mwamuna wake tsopano akufotokozera mchemwali wake. Amayambanso kusunga kandalama kake kumbali. Chizindikiro choopsa kwambiri chimabwera pamene ngakhale zabwino zikutanthauziridwa moipa: bambo akabwera ndi nsomba ya chambo, mayi amaganiza kuti pali chimene akubisa.

John Gottman, katswiri wa maganizo a anthu amene kwa zaka zambiri anafufuza mabanja pa Yunivesite ya Washington ku Seattle, anatchula makhalidwe anayi amene amagwetsa ukwati: kudzudzula umunthu wa mnzako, kumunyoza, kudziikira kumbuyo, ndi kungokhala duu osayankha. Pa anayiwa, anapeza kuti kunyoza ndiko kumalosera kwambiri kutha kwa banja. Kunyoza kumamera pa madandaulo amene munthu wakhala akuwabwereza mumtima yekha, mpaka tsiku lina amatulukira m'kutsonya kapena m'kaseko kachipongwe pamaso pa ana.

Kutchula nkhani kumayamba munthu ali yekha, podzifunsa chimene chikumupweteka kwenikweni. Mayi uja akalingalira bwino angapeze kuti sakudana ndi kuthandiza apongozi. Chomuwawa ndi kusafunsidwa pa ndalama imene nayenso anaikhetsera thukuta. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa akayamba ndi mawu akuti "abale anu atidyera ndalama", mwamuna adzateteza amayi ake ndipo nkhani yeniyeni idzatayika.

Kafukufuku wa Gottman ndi Sybil Carrère wa mu 1999 anasonyeza kuti mphindi zitatu zoyambirira za kukambirana vuto zimaonetsa kale kumene banja likulowera. N'chifukwa chake chiyambi chiyenera kukhala ndi chochitika chimodzi, mmene chinamukhudzira wolankhulayo, ndi pempho lotheka. Mayiyo angati, "Bambo, Lachisanu lija munatumiza ndalama kumudzi, ine ndinadziwira pa foni. Zinandiwawa chifukwa fizi ya mwana sitinamalize. Ndikupempha kuti mukafuna kutumiza muzindiuza kaye, kapena tigwirizane ndalama yapamwezi ya makolo a mbali zonse." Mawu ngati "nthawi zonse" ndi "simunayambe mwa…" amaononga, pakuti womverayo amangofunafuna tsiku limodzi lotsutsira. Nthawi nayo isankhidwe bwino: ana atagona, alendo palibe, ndipo wina asanamwe mowa.

Kawirikawiri zimalakwika pamene munthu amene wasunga zinthu chaka chathunthu afuna kukhuthula zonse usiku umodzi, kuyambira za fizi mpaka za maliro a chaka chatha. Womvera amathedwa nzeru, mtima umathamanga, ndipo samvanso kanthu. Zikafika apa, Gottman amalangiza kupumira mphindi zosachepera 20. Koma wopempha kupuma anene nthawi yobwererera ku nkhaniyo, apo ayi kupumako kumasanduka kuthawa. Wouzidwa dandaulo nayenso ali ndi ntchito yake: kubwereza zimene wamva asanayambe kudzifotokoza, ndi kusonyeza kusintha pa malipiro a mwezi wotsatira. Kupepesa kopanda kusintha kumangoonjezera chakukhosi.

Nkhani imodzi ikakambidwa kangapo osasuntha, ankhoswe kapena alangizi a kutchalitchi ndi kumzikiti ayitanidwe msanga. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri amakumbukira ankhoswe katundu ali kale pakhonde, pamene ntchito yawo yatsala yongoona chabe. Njira yonseyi ili ndi malire ake: ngati wina akukhala chete chifukwa choopa kumenyedwa kapena kuopsezedwa, imeneyo ndi nkhanza, ndipo thandizo lake lili ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa komanso m'lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja.