Usanasiye Ntchito ya Boma, Funsa za Penshoni

Mwananga, tiyerekeze kuti ndiwe wowerengera ndalama ku Capital Hill, ukulandira K450,000 pamwezi, ndipo kampani ina ya ku Kanengo yakuitana kuti izikupatsa K900,000. Mtima wadumpha kale, ndipo sindikukudzudzula. M'boma kukwezedwa kumadikira kuti mpando upezeke, ndiponso kuti uitanidwe kumafunso, mwina zaka n'kumapita uli pa giredi yomweyo. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira sunadikire kuti malipiro ako akwere. Ntchito ya boma imakhazikika, koma ndalama yake imasungunuka.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Uwerenge kalata ya ntchitoyo modekha. Lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti munthu waluso akhale pa nthawi yoyesedwa mpaka miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo bwana angathe kukuchotsa popanda notisi. Ngati uli ndi ngongole ya kubanki yomwe amadula pa malipiro a boma, udziwe kuti ngongoleyo siichotsedwa ntchito pamodzi nawe.

Koma chimene achinyamata ambiri safunsa ndi penshoni. Lamulo limati wolemba ntchito aziika ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ako, iwe n'kumaika 5 peresenti. Pa K900,000 ija, bwana aziponya K90,000, iwe K45,000. Pamwezi ndi K135,000, pachaka K1,620,000. Alipo mabwana amene amadula gawo lako mokhulupirika mwezi ndi mwezi, pepala la malipiro n'kumaonetsa bwinobwino, koma ndalamayo osaitumiza ku kampani yosunga penshoni. Umadzazindikira tsiku lomwe fakitale yatsekedwa, bwana atakwera kale ndege.

Safunsa anadya phula. Usanasainire, pezana ndi wantchito amene wakhalitsa pamenepo, makamaka dalaivala kapena mlonda, poti awa sabisa mawu. Umufunse ngati malipiro amabwera pa tsiku lake, ndiponso ngati anaonapo sitetimenti ya penshoni yochokera kwa osunga ndalamawo, osati yolembedwa mu ofesi ya bwana. Ufunsenso kumene kampaniyo imagula zipangizo. Yodalira katundu wakunja imapuma movutikira madola akasowa, ndipo pochepetsa antchito kawirikawiri amayambira wobwera kumene.

Mayankho akakhala abwino, uli wamng'ono, ulibe ngongole, ndipo mapepala ako angagulike pena paliponse, pita. Zaka zochepa kumeneko zidzakuphunzitsa zimene m'boma ukanazidikira nthawi yaitali. Koma ngati fizi ya abale ako ndi mankhwala a amayi zikudalira iwe wekha, yamba wasunga ndalama ya lendi ndi chakudya yokwanira miyezi yoyesedwa ija, kenako ulembe kalata yosiya ntchito. Ndipo usayese zongosowa ku ofesi ya boma uku ukuyeserera ku Kanengo, poti mapanga awiri avumbwitsa. Upereke notisi monga mwa malamulo, ubweze makiyi, utenge kalata yotsimikiza zaka zimene wagwira, ndipo ufunse ku ofesi yoona za antchito kuti ndalama zako za penshoni ya m'boma zikhala pati.