Tsegulani mawindo, tsegulani pakamwa

Abale a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano. Ndikutsutsana ndi mawu atatu amene timawakonda m'masukulu athu ogonera konko: "Ndi chimfine chabe." Mawu amenewa akangotuluka pakamwa pa ahedi, zimene zimatsatira zimadziwika kale. Mawindo a hositelo amatsekedwa kuti ana asazizidwe, wodwala amapatsidwa panado n'kubwezedwa pabedi lake pakati pa anzake, ndipo makolo sauzidwa kanthu kuopa kuti dzina la sukulu lingaipe. Zonse zitatuzi zimaoneka ngati chifundo, koma ndi zomwe zimasandutsa odwala atatu kukhala odwala makumi atatu.

Nditenga Lobi, kumapiri a ku Dedza, chifukwa kumeneko chiyeso chotseka mawindo n'chachikulu. Amene anagonako mu Juni kapena Julayi akudziwa chisanu chake, chija cholowa mpaka m'mafupa. Munthu wotseka windo usiku wotero simungamunene kuti ndi wopusa. Koma kuzizira pakokha sikubala chimfine. Chimfine chachikulu, chija chobwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa, chimayamba ndi kachilombo kamene kamatuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, ngakhale kuyankhula. Mphepo ya ku Lobi ilibe kachilombo. Chimene chisanu chimachita ndi kutiunjika m'chipinda chimodzi chotseka, momwe aliyense amapuma mpweya umene watuluka mwa mnzake.

Kuti tione liwiro lake, pali nkhani yodziwika bwino kwa akatswiri a miliri. Kumayambiriro kwa chaka cha 1978, pasukulu ina ya anyamata yogonera konko ku Mangalande panali ana 763. Chimfine chitalowa, ana 512 anagwa pabedi, ndipo ambiri mwa iwo anadwala m'masabata awiri okha. Kwathu kuno chitsanzo chapafupi ndi Januwale 2021, pamene ophunzira oposa 300 a pa Lilongwe Girls anapezeka ndi korona. Korona si chimfine, koma njira yake ndi imodzi: mpweya, chipinda chodzaza, mabedi oyandikana. Ndipo kumbukirani kuti Pulezidenti Chakwera potseka sukulu mwezi umenewo ananena kuti ana a m'sukulu zogonera konko ayambe akhala pomwepo mpaka azaumoyo atawaunika. Sikunali kuuma mtima. Kumwaza ana odwala m'mabasi ndi kutumiza matenda kwa agogo kumudzi.

Tsono tiyerekeze hositelo ya atsikana ku Lobi. Chipinda ndi mamita 12 mulitali, 6 mulifupi, 3 kufika kudenga. Mukugona ana 40 pamabedi osanjikizana. Lolemba m'mawa, atatu adzuka thupi lili moto, akutsokomola. Kodi matironi achite chiyani dzuwa lisanalowe?

Choyamba, awachotsemo tsiku lomwelo. Chifukwa chake chili m'masiku. Munthu akatenga kachilomboka, pamapita tsiku limodzi mpaka anayi, kawirikawiri awiri, kuti ayambe kudwala. Amayamba kupatsira ena kutatsala pafupifupi tsiku limodzi kuti zizindikiro zioneke, ndipo amapatsira kwambiri m'masiku atatu oyamba. Ndiye kuti atatu a Lolembawo anayamba kale Lamulungu usiku, ndipo amene anatenga pamenepo adzaonekera Lachiwiri kapena Lachitatu. Amenewo sitingawabwezenso. Amene tikuwapulumutsa powapatula odwala lero ndi a Lachisanu ndi Loweruka. Mukadikira kuti "tione kaye mawa", mwapereka usiku wina wathunthu kwa kachilombo pa nthawi imene kali ndi mphamvu zake zonse.

Apa ahedi ayankha kuti, "Ife chipinda cha odwala tilibe." Zoona, sukulu zambiri zilibe. Koma kalasi muli nayo. Chotsani madesiki m'kalasi imodzi yokhala ndi mawindo mbali zonse ziwiri, yalani matiresi motalikirana mita imodzi kapena kuposa, ikani ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, makapu ndi mbale zawozawo, ndipo chimbudzi chimodzi chikhale chawo. Nsima iwapeze komweko, asapite pamzere wa kudainingi. Wowasamalira akhale wamkulu mmodzi wovala masiki, osati pulifekiti kapena mnzawo wapamtima amene madzulo abwerera kukagona ndi ena 36. Ndipo pakhale womva kuitana usiku, chifukwa kupatula mwana si kumutaya. Abwerere kuhositelo pokhapokha atatha tsiku lathunthu, usana ndi usiku, thupi lisakutentha popanda kumwa panado. Mwana amene wazizira thupi chifukwa wamwa panado ola lapitalo sanachire.

Chachiwiri, pasakhale kuganizira matenda ndi maso. Kutentha thupi m'Malawi muno ndi malungo mpaka kuyeza kutakana. Atatu aja ayezedwe magazi a pachala kuchipatala cha Lobi, kapena mlangizi wa zaumoyo aitanidwe. Akapanda kupezeka ndi malungo, asamwe mankhwala a malungo. Amokisilini ndi bakitirimu wogula pagolosale sapha kachilombo ka chimfine. Kumwa mwachisawawa kumangopangitsa kuti tsiku limene adzafunikedi asadzagwire ntchito. Asipirini ndiye ayi ndithu kwa ana ndi achinyamata odwala chimfine, chifukwa nthawi zina amayambitsa matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo. Chofunika ndi kupuma, kumwa madzi ambiri ndi panado pa mlingo wake.

Koma pali zizindikiro zosadikira kuti kuche. Mwana akamabanika kapena kupuma mothamanga, akamva kupweteka pachifuwa, akasokonekera mutu kapena kuvuta kudzutsa, khosi likauma, akakomoka, kapena akayamba kupeza bwino kenako thupi n'kutenthanso chifuwa chitakula, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kubwerera kwa kutentha kuja kawirikawiri ndi chibayo. Ana a mphumu, a vuto la mtima ndi amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo aonedwe ndi achipatala tsiku loyamba lomwelo, ndipo matironi achite zimenezi mwachinsinsi, osati kuitana maina pa asembule.

Tsopano mawindo, pomwe pagona mkangano weniweni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalangiza m'chaka cha 2021 kuti m'zipinda zokhalamo anthu ambiri muzilowa mpweya watsopano wokwana malita 10 pa sekondi kwa munthu aliyense. Ana 40 ndiye kuti malita 400 pa sekondi. Chipinda chathu chija chimasunga mpweya wokwana malita 216,000. Gawani, mupeza kuti mpweya wonse wa m'chipindamo uyenera kusinthika pa mphindi 9 zilizonse. Mphindi zisanu ndi zinayi, abale! Kodi zimenezi zingatheke kudzera pansi pa chitseko, mawindo atatsekedwa ndipo timabowo ta mpweya pakhoma titatsekedwa ndi makatoni ndi masokosi? Simufunika makina kuti mudziwe. Lowani m'hositelo m'mamawa muchokera panja. Fungo likakumenyani pamphuno, magalasi ali thukuta, dziwani kuti anawo usiku wonse amapumirana.

Windo limodzi silikwanira. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, choncho tsegulani mbali ziwiri zoyang'anizana, ngakhale pang'ono pokwana chikhatho, makamaka mawindo a pamwamba kuti mphepo idutse pamwamba pa ogona. Masana onse ana ali m'kalasi, mawindo ndi zitseko zikhale pululu. Ogona moyandikana asinthane, wina mutu uku wina mutu uko, kuti nkhope zitalikirane. Pulepu ya madzulo igawidwe m'makalasi angapo, kudya kukhale kwa magulu, ndipo asembule ichitikire panja.

Ndikudziwa zoyankha zanu, ndipo sindizipeputsa. "Ana azizidwa." Inde. Yankho la chisanu ndi bulangete lachiwiri, juzi, chipewa ndi masokosi. Lolani ana agone atavala zimene ali nazo, za yunifolomu tidzakamba akachira. "Akuba ndi anyamata a m'mudzi alowa." Nkhawa imeneyi ndi yoona, makamaka kwa atsikana, koma mankhwala ake ndi zitsulo za pawindo ndi mlonda wosagona. "Udzudzu." Neti. Chimene sindingalole n'chimodzi: mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Pothawa chimfine musaitane maliro.

Chotsala ndi pakamwa, ndipo apa ndiye pamene akuluakulu athu amalephera kwambiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ahedi amaganiza kuti akakhala chete nkhani sizituluka, ngati kuti m'hositelo mulibe foni yobisa m'pilo. Pofika Lachiwiri madzulo mayi wina ku Lilongwe wamva kale kuti "ana akungogwa", wina wamva kuti nyemba zinali ndi mankhwala, wina wamva za ufiti. Lachitatu makolo ali pageti, aliyense akutenga wake, odwala ndi amene atenga kale koma sanayambe kudwala, onse kukakwera minibasi imodzi.

Uthenga wabwino ndi waufupi, ndipo umatuluka tsiku loyamba pa gulu la WhatsApp la makolo, pafoni kwa amene alibe, ndi kwa apampando a komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Unene zinthu zisanu: adwala angati, zizindikiro zake n'zotani, achipatala anena chiyani, sukulu yachitapo chiyani, ndipo uthenga wina ubwera nthawi yanji. Maina a ana asatchulidwe pagulu; kholo la wodwala liimbiridwe palokha. Mawa lake nthawi yomweyo, uthenga wina, ngakhale chiwerengero chitakwera. Uzanitu makolo kuti chikwera masiku awiri kapena atatu oyamba chifukwa cha amene anatenga kale, kuti chikakwera asaone ngati mwawanamiza. Matironi akhale ndi kope: dzina, hositelo, bedi, tsiku loyamba kudwala. Kope limenelo ndi lomwe lingakuuzeni ngati matenda ali m'chipinda chimodzi kapena adumphira kwina, ndipo ndi lomwe a zaumoyo a ku Dedza boma adzafunse. Ngati odwala atsopano akuchulukirabe patatha masiku asanu chipatulireni, penapake pakudontha, ndipo chiganizo chotseka sukulu chichokere kwa azaumoyo ndi a maphunziro, osati ku mantha a pageti.

Anawonso auzidwe zoona. Mwana wa folomu 4 amene mayeso ali pafupi adzabisa kutentha thupi ngati akuopa kutumizidwa kwawo kapena kuphonya maphunziro. Muuzeni kuti kudziulula si mlandu, manotsi amupeza, chakudya chimupeza. Mukamulanga chifukwa chojomba pulepu, mwaphunzitsa hositelo yonse kutsokomolera m'bulangete.

Tonse m'gulu lino tili ndi mwana, mng'ono kapena mdzukulu kusukulu yogonera konko. Pa msonkhano wa makolo ukubwerawu, tisangofunsa za fizi ndi ndiwo. Funsani kuti mwana akatentha thupi usiku agona chipinda chiti, ndani ali ndi nambala ya kuchipatala, ndi mawindo angati a hositelo amene amatseguka. Akakuyankhani kuti ndi chimfine chabe, pemphani kiyi mukalowemo nokha m'mamawa, anawo asanadzuke.