Pempho kwa Anthu a m'Chigwa cha Shire: Tilole Kuyezedwa Magazi Usiku

Makolo athu, mafumu, abale ndi alongo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje,

Ife a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi tikukupemphani kuti azaumoyo akadzabwera usiku kudzatenga magazi a pachala pofufuza matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, muwalandire. Tikudziwa chimene chimakuchititsani mantha. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa m'chigawo chino cha kummwera, ndipo munthu wofuna magazi mumdima sitingamukhulupirire msanga. N'chifukwa chake tikufuna mumvetse chimene ntchitoyi imachitikira usiku.

Matendawa, amene kuchipatala amati filariyasisi, amayamba ndi nyongolotsi zoonda ngati ulusi. Zimakhala m'timitsempha tonyamula madzi a m'thupi, makamaka cha m'mphechepeche momwe mumatuluka mwanabere, ndipo zimatha kukhala ndi moyo zaka 6 mpaka 8. Nthawi yonseyi yaikazi imaswa tiana tochuluka zedi tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'magazi. Tianati sitingakule mwa munthu yemweyo. Timafunika kuyamwidwa ndi udzudzu, n'kukhala mwa iwo masiku 10 mpaka 14, kenako udzudzuwo ukaluma munthu wina timamulowa kudzera pa bala la kulumako. Kwathu kuno wonyamula ndi anofelesi, udzudzu womwe uja wa malungo, umene umaluma anthu ali mtulo.

Tiana ta nyongolotsizi timayendera nthawi ya udzudzuwo. Masana timasonkhana m'timitsempha ting'onoting'ono ta m'mapapo, moti m'magazi a pachala mumakhala mulibe, kapena muli tochepa kwambiri. Kukada timatuluka n'kufika m'magazi a pafupi ndi khungu, ndipo timachuluka kuyambira 10 koloko usiku mpaka 2 koloko m'bandakucha. Si nkhani yatsopano ayi. Dokotala Patrick Manson, ali ku China, anapeza mu 1877 kuti tianati timakula mwa udzudzu, ndipo pasanapite nthawi yaitali anaonanso kuti timachuluka m'magazi usiku.

Tiyerekeze bambo wina mlimi, wathanzi, wosatupa paliponse. Masana amuyeza ndi kachipangizo kofanana ndi koyezera malungo, ndipo kasonyeza kuti ali ndi matendawa. Kachipangizoka kamagwira ntchito nthawi iliyonse chifukwa kamafufuza zimene nyongolotsi yaikulu imatulutsa, koma sikanganene ngati m'magazi mwake muli tiana toti udzudzu ungatenge. Kamatha kusonyezabe matenda kwa nthawi yaitali munthu atamwa kale mankhwala. Choncho azaumoyo abwerera kwa bamboyo cha m'ma 11 koloko usiku, amubaya pachala, n'kupaka timadontho titatu ta magazi pa kagalasi. Kagalasiko akakaumitsa, amakathira utoto n'kukaunika pa maikulosikopu. Akapezamo tiana, ndiye kuti udzudzu wa m'nyumba mwake ukhoza kupatsira mkazi wake, ana ake ndi oyandikana nawo. Magazi omwewo akanatengedwa dzuwa lili paliwombo, kagalasi kakanaoneka koyera, bamboyo n'kupita kwawo akuyesa ali bwino, mudzi wonse n'kulembedwa kuti ulibe vuto. Kulakwitsa kotereku ndi kumene tikukuopa.

Ena afunsa kuti, kodi matendawa sanathe? Zoona, kuyambira mu 2008 tinkamwa mankhwala a ivamekitini ndi alibendazo chaka ndi chaka, ndipo mu 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse linavomereza kuti matendawa salinso vuto lalikulu m'Malawi. Koma izi sizikutanthauza kuti nyongolotsi yomaliza inafa. Anthu ambiri okhala ndi tiana m'magazi samva kupweteka kulikonse, pomwe ambiri amene miyendo inatupa kale sapezeka nato. Maso sangatiuze amene akupatsira anzake.

Mafumu athu, chonde itanani msonkhano kukadali kowala, anthu awaone azaumoyowo nkhope ndi ziphaso zawo, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene tonse timamudziwa, akhale nawo pa ntchito ya usikuyo. Aliyense ali ndi ufulu wofunsa mafunso ngakhale wokana, koma osaopseza kapena kugenda munthu. Inu alonda ndi asodzi amene mumachezera usiku n'kugona masana, nenani zimenezi musanayezedwe, chifukwa tianati timatsata kagonedwe ka munthu ndipo nthawi yake imatha kusintha. Ngati mwamwa ivamekitini m'miyezi yapitayi, nenaninso, popeza mankhwalawa amachotsa tiana m'magazi kwa miyezi ingapo nyongolotsi yaikulu ikadali moyo. Musakakamize kuti akutengeni magazi 7 koloko kuti mukagone msanga. Dikirani 10 koloko ikwane. Podikirapo valani zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo, ana muwagoneke m'neti mpaka dzina lawo litaitanidwa.

Ndife anu,
Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi