Lendi ndi ngongole, koma si chilolezo chothyola chitseko

Ambiri a ife tikugona m'zipinda za lendi kunja kwa sukulu, ndipo ena mwa eni nyumbazo timapemphera nawo limodzi. Ndalama zikachedwa kuchokera kumudzi, mawu amene timamva ndi akuti katundu wathu alandidwa. Kodi mwini nyumba ali ndi mphamvu imeneyi? Inde, koma ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira.

Mphamvuyi tinaitengera ku Mangalande. Mu 1902 dziko lino linalandira malamulo a kumeneko monga analili nthawi imeneyo. Mwa iwo munali lamulo lolola mwini nyumba kugwira katundu wopezeka m'nyumbamo ngati chikole cha lendi yomwe tsiku lake ladutsa. Lamuloli linabwera ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene amaiwalika.

Tiyerekeze kuti mnzathu amalipira K40,000 pamwezi ndipo walephera miyezi iwiri. Ngongole yake ndi K80,000. Usiku wina ali kowerenga, alandilodi akuthyola loko ndi kutenga bulangete, zovala ndi laputopu ya K400,000, kusiya wailesi ndi kafiriji. Mmawa laputopu ija yagulitsidwa. Alandilodi anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, koma alakwitsa panayi.

Choyamba ndi kalowedwe. Lamulo lija silola kuthyola chitseko chakunja, ndiponso silola kugwira katundu usiku. Ntchitoyi imachitika dzuwa litatuluka, lisanalowe. Wothyola loko wasanduka wolowerera pakhomo pa mwini, ngakhale nyumbayo ndi yake, chifukwa pamene analandira lendi anapereka chipindacho m'manja mwa wina.

Chachiwiri ndi mtundu wa katundu. Zovala, zofunda ndi zida zimene munthu amadyera zimatetezedwa mpaka pamtengo wina wake, ndipo chinthu chimene munthu akugwiritsa ntchito nthawi yomweyo sachikwatula m'manja. Ganizoli ndi lakale kwambiri. Pa Deuteronomo 24, wokongoza analetsedwa kutenga mphero ngati chikole, popeza wochotsedwa chopezera chakudya sangabweze ngongole.

Chachitatu ndi kuchuluka. Katundu wogwidwa ayenera kulingana ndi ngongole. Ngati wailesi ndi kafiriji zikanakwanira K80,000, kusankha laputopu ya mtengo wochuluka kasanu ndi kupyola muyeso. Lamulo loletsa zimenezi linalembedwa ku Mangalande mu 1267.

Chachinayi ndi kugulitsa. Katundu wogwidwa sasanduka wa mwini nyumba. Walendi ayenera kudziwitsidwa ndi kupatsidwa masiku asanu kuti alipire n'kuwombola zinthu zake. Zikagulitsidwa, mwini nyumba amatengapo ngongole ndi zolipirira ntchitoyo, ndipo zotsala zimabwerera kwa walendi. Laputopu ija ikanagulidwa K300,000, gawo lalikulu la ndalamayo likanakhala la mnzathu.

Mapeto ake, alandilodi amene amafuna K80,000 akhoza kulamulidwa ndi khoti kulipira chipukuta misozi choposa pamenepo. Dyera lothamangira kudziweruzira mlandu limatayitsa ngakhale wolakwiridwa.

Sitikunena kuti eni nyumba alibe chowawa. Mayi wamasiye amene anamanga zipinda zitatu kuseri kwa nyumba amadalira lendi yathu kuti agule ufa ndi kulipirira ana ake sukulu. Wophunzira wosamuka usiku ndi ngongole ya miyezi itatu wamubera mayiyo, ndipo waipitsira mbiri anzake obwera pambuyo. Khoti nalonso limachedwa, ndipo limadya ndalama. N'chifukwa chake ambiri amaona ngati kutsekera katundu ndiyo njira yachidule.

Komabe ife tikuona kuti njirayi siyeneranso m'nyumba zogonamo. Imapanga munthu mmodzi kukhala wodandaula, woweruza ndiponso wolanda pamlandu umodzi. A ku Mangalande amene anatipatsa lamuloli analithetsa mu 2014, n'kusiya njira yatsopano yokhudza malo a malonda okha. Kuno mwini nyumba angathe kukasuma kwa majisitireti, ndipo akapambana, a sherifu ndiwo amakatenga katundu ndi chikalata cha khoti. Pamenepo walendi amakhala atamvedwa.

Pakadali pano, tiyeni tidziteteze ndi pepala. Mgwirizano ulembedwe, wonena ndalama ndi tsiku lolipira, ndipo malisiti kapena mauthenga a ndalama zapafoni tizisunga. Tisasungenso katundu wa anzathu m'chipinda cha ngongole, chifukwa lamulo lakale lija limayang'ana kwambiri pamene katundu wapezeka osati mwini wake. Tikaona kuti mwezi uno zivuta, tikagogode kwa alandilodi tsiku lisanakwane, tipereke zomwe tili nazo, ndipo tsiku lomalizira zotsala tilembe tonse awiri.