Nyimbo ya zaka 50 m'banja isaiwale chigafa

Fodya akagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma, ndalama n'kulowa m'thumba, midzi ya ku Lisasadzi imayamba maphwando. Masiku ano pa maukwati ndi zoyika ziliza pawonjezereka mwambo wina: ana kuchitira makolo awo phwando lothokoza Mulungu kuti akwanitsa zaka 40 kapena 50 ali m'banja. Mwambowu ndimaukonda. Chondidandaulitsa ndi nyimbo zake. DJ amangoika nyimbo yomwe anaika dzulo pa ukwati wa anyamata, agogo awiri ali duu pa mpando ngati alendo pa phwando lawo lomwe.

Anthu amene anamanga banja mu 1975 akuyenera nyimbo yawoyawo, ndipo kuipeka si ntchito yofuna katswiri wa ku Lilongwe. Amayi a Chigwirizano kapena kwaya ya pampingo atha kuimaliza m'masabata awiri.

Ntchito imayamba ndi kufunsa, ndipo agogowo muwafunse payekhapayekha. Mukawakhazika pamodzi, bambo ndiye amalankhula: chaka chimene anagula ngolo, chaka chimene anafolera nyumba ndi malata. Mayi amangoti, "Ndi momwemo." Koma kawapezeni ali okha kukhitchini. Akuuzani za kuthirira nazale m'mwezi wa Okutobala mwana ali kumbuyo, za kusoka fodya m'chigafa mpaka usiku, manja ali bii ndi utomoni, ndiponso za chaka chimene mabelo anapita kumsika koma ndalama yake sinafike pakhomo. Si zonse zoti ziimbidwe, koma wopeka nyimbo azidziwe.

Tiyerekeze kuti eni phwando ndi aPhiri ndi Nabanda. Nyimbo ya kwathu kuno imayenda ndi wotsogolera ndi ovomera, choncho mzere wa ovomera ukhale waufupi woti khamu liugwire litaumva kawiri. Wotsogolera afunse:

Anasoka fodya ndani?

Onse avomere:

Ndi Nabanda, tithokoze.

Kenako: "Anamanga nyumba ndani? Ndi aPhiri, tithokoze." Werengani maphatikizo ake, mupeza kuti mzere uliwonse uli ndi asanu ndi atatu. N'chifukwa chake ikhoza kukwera pa ng'oma ya chimtali, amayi n'kuomba m'manja osasokonezeka. Mukathithikiza maphatikizo 12 pa malo a 8, wotsogolera amameza mawu, ndipo mudzadziwa kuti zalakwika poona agogo akufunsana kuti, "Akuti chiyani?" Kumbukiraninso kuti Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mzere. Liwu lalitali la nyimbo ligwere pamenepo, pa "ko" wa "tithokoze". Likagwera pa "ze", zimamveka ngati akuimba ndi mlendo.

Ndime yapakati ndiyo imafuna mtima, chifukwa ndi ya mavuto. Ena amati pa chisangalalo sitikumbutsa zowawa. Ine ndimakana. Banja lililonse la ku Kasungu limene lafika zaka 50 linadutsa m'njala ya 2002, pamene anthu ankagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wozizira, amuna ena n'kupita kukasaka ganyu osabwereranso. Ngati aPhiri anabwerera, chimenecho ndiye chothokozera. Mizere iwiri ikukwana: "Njala ija sanathawe, gaga yemwe n'kugawana." Mukachotsa ndime imeneyi, kuthokoza kwanu kulibe poimira, ndipo nyimboyo mutha kuimbira aliyense.

Pali malo awiri oterera. Oyamba ndi kuwerenga ana. Mukati "ana asanu ndi awiri", mayi amawerenganso amene anawaika m'manda, pomwe pena pagulupo pakhala mwana wa bamboyo wa kwina amene sakudziwa ngati mwamuwerengera. Ingonenani kuti ana ndi zidzukulu, chiwerengero musiye. Achiwiri ndi kuiwala ankhoswe. Ukwati wachichewa, kaya wachikamwini kaya wachitengwa, umaima pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amene ankadzutsidwa usiku zinthu zikavuta. Pofika zaka 50 ambiri a iwo anatisiya, koma abale awo amakhala ali pomwepo, makutu ali tcheru. Mukatchula wa kuchimuna, tchulaninso wa kuchikazi.

Ndime zitatu n'zokwana: ya ntchito, ya mavuto, ya ankhoswe ndi Mulungu. Ndipo a MC musadule nyimbo ndi perekaniperekani. Mbale ya ndalama idikire, agogo amve kaye mawu onse mpaka kumapeto.

Inu ana amene muli ku Lilongwe ndi ku Joni, musanatumize ndalama ya tenti ndi DJ, imbirani foni mtsogoleri wa kwaya kumudzi, mumuuze akacheze ndi amayi anu sabata ino.