Chimene chimaumba metheni, etheni ndi ethayini

Atomu ya kaboni ili ndi maelekitironi anayi akunja, okhala m'maobitolo a 2s ndi 2p. Obitolo ndi dera lozungulira phata la atomu kumene elekitironi imapezeka kawirikawiri. Ya s ndi yobulungira ngati mpira, pomwe a p alipo atatu, opingasana pa madigiri 90, ooneka ngati mtedza wosasenda wa njere ziwiri.

Kaboni ikanati izigwira maatomu ena ndi maobitolowa monga alili, metheni, CH₄, mpweya uja wotuluka mu ndowe zikamaola, ikanakhala ndi zilumikizo zitatu pa madigiri 90 ndi chachinayi chosiyana nazo. Koma miyeso imasonyeza kuti zonse zinayi n'zofanana, ndipo zatalikirana madigiri 109.5. M'chaka cha 1931 Linus Pauling anafotokoza kuti obitolo ya s imasakanikirana ndi a p atatu aja n'kupanga maobitolo anayi ofanana otchedwa sp³. Maelekitironi amakankhana, choncho maobitolowo amatalikirana momwe angathere: mahayidirojeni atatu amakhala m'munsi ngati mafuwa, lachinayi n'kuloza kumwamba, kaboni ili pakati.

Mu etheni, C₂H₄, mpweya wopsetsa nthochi, kaboni iliyonse yagwira maatomu atatu okha. Apa s imasakanikirana ndi ma p awiri n'kupanga sp² atatu, ogona mopyapyala pa madigiri pafupifupi 120. Obitolo ya p yotsala imaima chilili n'kukhudzana m'mbali ndi inzake ya kaboni yachiwiri. Chilumikizo cham'mbalichi chimatchedwa payi, ndipo cholunjika pakati pa maatomu ndi sigima. Payi ndi amene amaletsa molekyulu kupotoloka, chifukwa kaboni imodzi ikati itembenuke, maobitolo awiriwo amasiyana ndipo chilumikizo chimaduka. N'chifukwa chake maatomu onse asanu ndi limodzi amakhala pa thyathyathya.

Ethayini, C₂H₂, ndi asetilini wa owotcherera zitsulo. Kaboni iliyonse yagwira maatomu awiri, motero s imasakanikirana ndi p imodzi n'kupanga sp awiri oloza mbali zosiyana pa madigiri 180. Ma p awiri otsala amapanga mapayi awiri, ndipo molekyulu imawongoka ngati ndodo: H–C≡C–H. Makaboni ake atalikirana mapikomita 120, pomwe mu etheni ndi 134.

Ophunzira ambiri amaphonya powerenga mizere ya pa chithunzi. Akaona inayi pa kaboni ya etheni amati ndi sp³, kuiwala kuti chilumikizo chapawiri chimaloza mbali imodzi. Choyenera kuwerenga m'mamolekyulu awa ndi maatomu ogwira kaboniyo: anayi ndi sp³, atatu ndi sp², awiri ndi sp. Komabe kasakanizidweka ndi njira yofotokozera chabe, sipereka muyeso weniweni nthawi zonse. Mu etheni, ngodya ya H–C–H ndi madigiri pafupifupi 117, osati 120.